Funsani Azakhali: Pakamwa akunena zina, zochita zake zikunena zina

Azakhali, ndili ndi zaka 27 ndipo ndakhala pachibwenzi ndi mnyamata wina kwa zaka zitatu. Tsiku lililonse amandiuza kuti ndine ndekha ndipo adzandikwatira. Koma ndikafunsa za chinkhoswe amati tidikire alandire kaye ndalama. Kwawo sindikudziwako, ndipo Loweruka ndi Lamlungu foni yake sipezeka. Tsopano akuti ndingolowa m'nyumba, zina tidzakonza. Ndikhulupirire ziti? — Wothedwa nzeru, Ndirande

Mwanangu, mawu akuti "ndidzakukwatira" samulipiritsa kanthu munthu. Kuwanena n'kwaulere. Kutuma amalume ake kuti akaonekere kwanu ndiye kumamumanga, chifukwa kuyambira tsiku limenelo pali anthu oti angamufunse. N'chifukwa chake ine ndimayang'ana chimene munthu wachita chomutayitsa kanthu, kaya nthawi, kaya ufulu wake.

Zoti ndalama palibe mwina n'zoona, zinthu zakweradi. Koma chimene chimadya ndalama ndi phwando: holo, zovala, zoimbira. Kukuonetsa kwa mlongo wake kumangofuna ya minibasi basi. Zaka zitatu yasowa?

Usakangane naye, ndipo usabe foni yake usiku kuti uwerenge mauthenga. Muuze chinthu chimodzi chooneka ndi maso: mwezi uno usanathe ukaone abale ake, ndipo atchule tsiku lomwe ankhoswe akumane. Ukatero khala chete, uone. Akabwera ndi chifukwa china chatsopano, yankho walipeza, ngakhale atalinena mokoma chotani.

Zolowa m'nyumbazo uyambe waima. Lamulo la maukwati la 2015 limavomerezadi banja longolowana, koma ndi khoti lomwe limagamula, ndipo limafuna kuti mukhale mutakhalira limodzi zaka zosachepera zisanu. Atakuthamangitsa chaka chachiwiri, udzadandaula kwa yani popanda nkhoswe?

Amuna anga sananenepo kuti amandikonda, ngakhale tsiku la ukwati. Koma fizi ya ana amalipira, ndikadwala amagona pakhonde pachipatala, ndipo mayi anga anawafolerera nyumba ndi malata. Anzanga akuti mwamuna wosanena ndiye kuti alibe chikondi. — Nachisale, Mponela

Amayi, anzanuwo afunseni ngati amayi awo akugona m'nyumba yosadontha. Abambo ambiri analeredwa kuti mawu otere ndi ochititsa manyazi. Ngati mumawalakalaka, palibe cholakwa, auzeni muli awiri, mwinanso muyambe ndinu. Akangoseka n'kuyang'ana kumbali, musadandaule.

Bambo a kunyumba akaledzera amandimenya. Kukacha amagwada, amalira, amandigulira chitenje ndi mayunitsi. Pajatu mumati tiziona zochita, ndiye mphatsozi si umboni woti asintha? — Mayi wa ana awiri, Balaka

Apa ndiye pamene ambiri timasokonezeka. Chitenjecho n'chimodzimodzi ndi mawu aja akuti "pepa", kungoti awa ndi ogula pamsika. Chochita chenicheni ndi chija chimabwerezabwereza, ndipo kwanuko chobwerezabwereza ndi chibakera. Werengani zitenje zomwe zili m'sutikesi mwanu, mudziwa kuti mwamenyedwa kangati.

Kusintha kukanaoneka pa kusiya mowa ndi kuvomera pamaso pa ankhoswe a mbali zonse kuti amakumenyani, osati kunong'ona kuchipinda. Koma musadikire zimenezo mukuvulala. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, ndipo khoti likhoza kulamula kuti asakuyandikireni. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Mukavulazidwa pitani kuchipatala tsiku lomwelo kuti zilembedwe, ndipo mbale wanu mmodzi adziwe zonse. Ine mawu akuti "banja ndi kupirira" ndawamva pamaliro ambiri, sindiwakonda.

Azakhali, ndinalakwa, ndinali ndi chibwenzi chamseri. Nkhani inakambidwa ndipo mkazi wanga ananena pamaso pa ankhoswe kuti wandikhululukira. Papita miyezi inayi koma amagona choyang'ana kukhoma, ndipo foni yanga ikalira nkhope imasintha. Kodi anandinamiza? — Bambo wa ku Mchinji

Achimwene, sanakunamizeni. Pakamwa ananena zomwe akufuna kuchita, mtima sunafikepo. Ndipo funso lomwe mwandifunsali ndi lomwenso iwo akudzifunsa za inu: munati mwasiya, koma mwasiyadi? Kale munawauzapo kuti muli kumaliro kapena kumsika wa fodya pomwe munali kwina, ndiye mawu anu panopa ndi opepuka.

Musawakumbutse kuti "paja unakhululuka". Foni muziyankhira pomwe iwo ali. Mukati mufika dzuwa lisanalowe, fikanidi. Ngati simunapite limodzi kukayezetsa magazi, muyambitse ndinu nkhaniyo sabata ino, ndipo achipatala akakuuzani tsiku loti mukabwererenso, mukasunge tsikulo osadikira kukumbutsidwa.