Bwanji Kathy sanathawe?

Loweruka lapitali, pagulu lathu lowerenga mabuku ku Rosettenville kuno ku Joni, amayi ena amene amasamalira okalamba ku Sandton anagwetsa buku patebulo. "Koma ana amenewa, galimoto ali nayo, wowalondera palibe, osangothawa bwanji?" Bukulo ndi Never Let Me Go la Kazuo Ishiguro, lomwe linatuluka mu 2005, ndipo funso lawolo ndi limene landichititsa kulemba.

Mabuku ochenjeza za dziko lankhanza ali ndi njira yawo yodziwika. Nkhani imachitika m'tsogolo, wolamulira amaona chilichonse, ndipo pamapezeka munthu mmodzi wotseguka maso amene amayesa kuukira. Ndi mmene alili Winston Smith mu Nineteen Eighty-Four ya George Orwell, ya 1949. Ife Amalawi sitivutika kumvetsa zotere. Tikukumbuka makadi a chipani, ndiponso Jack Mapanje atatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991.

Ishiguro akutengako zina. Pali sukulu yapayokha ya Hailsham, pali chinsinsi chimene ana akuuzidwa mwatheka, palinso mawu ophimba nkhanza. Anawa anapangidwa ndi asayansi kuti akakula azichotsedwa ziwalo zochizira anthu ena, koma amatchedwa "opereka", ndipo akamwalira amati "amaliza".

Zinazo akuzitembenuza. Nkhani sili m'tsogolo, ili ku Mangalande chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kutanthauza kuti zoopsazo zinachitika kale anthu akungodzipitira kuntchito. Wankhanza woti timuloze chala palibe. Aphunzitsi ambiri ndi achifundo, ndipo zithunzi zimene anawo ankajambula ankazisonkhanitsa pofuna kutsimikizira dziko kuti nawonso ali ndi mzimu. Kathy, mmodzi mwa anawo amene tsopano ali ndi zaka 31, akufotokoza zonsezi mtima uli m'malo, akunyadira kuti ndi wosamalira wabwino wa "opereka". Amatha masamba ambiri akukumbukira kaseti yake imene inasowa ndi mikangano yake ndi mnzake Ruth, pamene za imfa amangozikhudza pang'ono. Poyamba zinkandikwiyitsa. Kenaka ndinaona kuti chenjezo lagona pomwepo: munthu woleredwa m'khola kuyambira ali khanda safunikanso mlonda.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti Kathy ndi wokondedwa wake Tommy sapempha ufulu ayi. Amva mphekesera yakuti okondanadi amawonjezeredwa zaka zitatu, ndipo ndi zokhazo zimene akupita kukapempha, mwaulemu. Atauzidwa kuti zimenezo kulibe, Tommy akutsika m'galimoto usiku, akukuwa yekha m'matope, kenaka akubwerera n'kukhalanso pampando.

Titawerenganso ndime imeneyi mokweza, m'chipinda munangoti zii. Ambirife kuno ku Joni timadziwa kudikira chikalata chowonjezera masiku, osafunsa kuti bwanji moyo wathu ukuyezedwa ndi chidindo. Amayi aja anatola buku lawo, nalipukuta ndi chitenje, n'kunena kuti alibwereka sabata inanso.