Kwa alimi a kalabu yathu ku Khombedza: mauthenga atatu amene amakuvutani polowa pa foni

Abambo ndi amayi, ambiri mwa inu mwakhala mukundiimbira kuti pulogalamu yolemberamo zokolola za mpunga ikukana kutseguka. Musanaimbe, werengani zimene foni yalemba.

Ikalemba "User not found", ndiye kuti dzina lolowera mwalilemba molakwika, kapena simunalembetsedwe n'komwe. Makina sakukudziwani. Onani chilembo chilichonse, makamaka 0 ndi O.

Ikalemba "Incorrect password", dzina ili bwino, vuto ndi mawu achinsinsi. Apa zilembo zazikulu ndi zazing'ono zimasiyana, ndipo mafoni ambiri amakuza okha chilembo choyamba. Dinani kachizindikiro ka diso kuti muone zimene mukulemba. Koma nthawi zina mudzaona "Invalid username or password". Opanga amachita dala kusanena chimene chalakwika, kuti wakuba asadziwe maina amene alipo. Zikatero onani zonse ziwiri.

Uthenga wachitatu, "Account locked", ndiwo umaopsa anthu pachabe. Zolemba zanu sizinafufutike ayi. Akaunti yangotsekedwa chifukwa mawu achinsinsi alakwika kangapo motsatizana, monga imachitira simu khadi PIN ikalakwika katatu. Ngakhale mukumbukire mawu olondola, panthawiyo sikutsegukirani, choncho lekani kuyesa. Dikirani pang'ono, ikakanabe dinani "Forgot password" kapena mubwere kwa mlembi Lachinayi.

Ngati yatsekedwa inu musanayese kulowa, wina wakhala akuyesa (kawirikawiri amakhala adzukulu pakhomo pomwepo). Ikatseguka sinthani mawu achinsinsi tsiku lomwelo.