Kuyatsa diya madzulo pa kachisi wa mnyumba

Mina mwanangu, poti ndikhala ku Lilongwe masiku 5 diya, nyale yathu ya pemphero la madzulo, ili mmanja mwako, ndakulembera mmene timachitira kuti usamangondiimbira foni.

Dzuwa likamalowa samba mmanja, kumaso ndi mapazi, nsapato usiye pakhomo. Chotsa maluwa ofota a mmawa aja, upukute pa shelefu. Pota thonje likhale kachingwe, uviike mu gii, gii akatha mafuta a chitowe ali mbotolo kuseri kwa chithunzi cha agogo ako. Diya yamkuwa ija ukhazike pa mbale yake osati pa nsalu chonde, chaka chatha tinatsala pang'ono kuotcha katani.

Yamba ndi Ganesha, nthawi zonse ndiye oyamba:

Om Gam Ganapataye Namaha.

Yatsa diya, kenako agarabati, timitengo tofukiza tija, uphatikize manja unene:

Shubam karoti kalyanam, arogyam dana sampada,
shatru budi vinashaya, dipa jyotir namostute.

Lilime likakukanika usadandaule, nena mChichewa, amamva:

Kuwala kwa nyale iyi, ndikukugwadirani. Inu mumabweretsa zabwino ndi mtendere, thanzi ndi chuma, mumathetsa maganizo a udani. Ndikukugwadirani.

Tsopano nyamula mbale ya diya ndi dzanja lamanja, belu kumanzere uziliza pang'onopang'ono. Zunguliza diya pamaso pa zithunzi katatu, mbali yomwe imayendera mivi ya wotchi, osathamanga ngati ukupikitsana ndi munthu. Uli mkuzunguliza nena:

Ambuye Ganesha, chotsani zopinga panjira yathu.
Mayi Lakshimi, kunja kwada, lowani mnyumba muno mukhale nafe, chitseko tatsegula.
Ambuye Krishina, landirani kuwala kochepaku, ndi komwe tili nako lero.
Sungani adadi pa msewu akamachokera ku shopu ku Limbe, chizani bondo la agogo, amama abwere bwino ku ulendo. Aneba athu nawonso agone mumtendere.
Pomwe ndalakwitsa mawu kapena mwambo, mundikhululukire, ndine mwana.

Tsitsa mbale. Yandikiza zikhato zonse pamwamba pa lawi, ukhudze mmaso ndi pamutu, ndiye upititse mbaleyo kwa aliyense ali mnyumba achite chimodzimodzi, Ravi ngati ali pa gemu muitane ndithu abwere. Gwada mphumi ifike pansi, utseke ndi:

Om shanti, shanti, shanti.

Prasadi ndi nthochi kapena timibulu ta shuga tija, uyike patsogolo pa zithunzi usanayambe ndipo osalawa, mugawane mukamaliza. Kadiya kadothi kaja ukayatse ukayike panja pafupi ndi chomera chopatulika cha tulasi.

Diya sitizima ndi mpweya wa mkamwa, isiye ithe yokha, bola usachoke pakhomo ikadali kuyaka. Magetsi akazima usaitenge kukaunikira kukhitchini, makandulo ali mu dirowa ya pansi.