Mafunso ofunsa odwala akamatuluka pa kiliniki yathu

Anzanga ofunsa, fomu ndi imeneyi ndipo tiyamba nayo Lolemba. Werengani kaye zam'mwambazi musanakhale pansi ndi munthu. Ambiri amene amabwera pano kuwerenga kumawavuta, ena ndi maso, ena sukulu sanapite nayo patali, ndiye pepalali musampatse munthu aliyense m'manja olo atavala taye, owerenga ndinu ndipo ochonga ndinu. Tikayamba zoti uyu timpatse pepala uyu timuwerengere ndiye kuti tikusankha anthu poona nkhope, ndipo pali ena amachonga mwachisawawa kuti asaoneke ngati sadziwa kuwerenga.

Muzikhala pa benchi ya kunja kwa geti ija, osati pakhonde pomwe anamwino akudutsa. Osavala yunifomu kapena gauni yoyera, ndipo amene amagwira ntchito m'chipinda cha dokotala, ku labu kapena pa windo la mankhwala asafunse nawo, chifukwa palibe munthu angauze amene wamubaya jakisoni kuti munandikalipira, mawa akubweranso pomwepa. Muzitenga munthu wachitatu aliyense amene watuluka pa geti, osati amene akuoneka wansangala kapena amene mumadziwana naye. Akhale wa zaka 18 kupita m'mwamba. Ngati wodwala ndi mwana funsani amene wabwera naye. Amene akuoneka kuti thupi silili bwino kwenikweni musiyeni azipita, tengani wotsatira.

Mudzaona kuti mafunso ambiri akufunsa zomwe zachitika lero, osati kuti mwakhutira kapena ayi. Ndi dala. Ukafunsa kuti mwakhutira pafupifupi aliyense amati eya zikomo, chifukwa cha ulemu basi, koma ukafunsa kuti chitseko chinali chotseka pomwe amakuyezani munthu amanena zomwe waona. Mitu yake si yongopeka, lipoti la WHO la chaka cha 2000 linatchula zinthu ngati ulemu, kusunga chinsinsi, kuthandizidwa msanga ndi malo abwino kuti ndi mbali ya momwe chipatala chimachitira ndi anthu, ife tangowonjezera za mankhwala chifukwa ndi pomwe madandaulo amachuluka.

Werengani funso momwe lalembedwera, pang'onopang'ono, ndi mayankho ake onse. Akapanda kumva bwerezani mawu omwewo. Osawonjezera kuti "si choncho?" kumapeto, osagwedeza mutu, osamumalizira mawu. Mizere yomwe ikuyamba ndi mawu oti Kwa wofunsa ndi yanu, musawerenge mokweza. Munthu akakana kuyankha funso lembani 9 n'kupitirira.

MAWU OYAMBA, WERENGANI ONSE

Mwaswera bwanji mayi (kapena bambo, agogo, achimwene, achemwali, molingana ndi amene mukuyankhula naye). Pepani ndikuchedwetseni pang'ono. Ine si dokotala kapena namwino ayi, ndikungothandiza komiti ya kiliniki ino kumva momwe anthu akuthandizidwira. Ndili ndi mafunso 14, titenga mphindi ngati 10. Dzina lanu sindilemba, buku lanu lachipatala sindiliona, ndipo za matenda anu sindifunsa. Palibe yankho lokhoza kapena lolakwa. Mukhoza kukana, kapena kusiyira panjira, ndipo ulendo wina mudzathandizidwa ngati kale. Ndikufunseni?

1 Avomera. 2 Akana.

Kwa wofunsa: akakana thokozani, chongani 2 ndipo fomuyo musataye, tikufuna kudziwa kuti akukana ndi angati. Kuvomera ndi kwa pakamwa, sitikusainitsa kapena kudindisa chala, pa fomu yopanda dzina chidindo cha chala chimangoopseza anthu.

POFIKA NDI PODIKIRA

Funso 1. Lero mwabwera chifukwa cha inu nokha, kapena mwabwera ndi wodwala?
1 Ine ndemwe. 2 Ndabwera ndi mwana. 3 Ndabwera ndi munthu wamkulu.

Funso 2. Mutafika, alipo anakuuzani koyambira?
1 Eya. 2 Ayi. 3 Ndimadziwa kale.

Funso 3. Kuchokera pomwe munafika mpaka kulowa m'chipinda cha dokotala, munadikira bwanji?
1 Pang'ono. 2 Nthawi ndithu koma yopiririka. 3 Nthawi yaitali kwambiri.

Kwa wofunsa: osafunsa za mphindi. Munthu amene alibe wotchi ndipo mutu ukumupweteka sangawerenge mphindi, angotchula nambala kuti mumusiye. Mphindi zenizeni tikuzitenga kale pa timakadi tomwe akalaliki amalemba nthawi, pano tikufuna momwe iyeyo wakumvera kudikirako.

Funso 4. Pamene mumadikira, munapeza pokhala?
1 Eya. 2 Ayi.

M'CHIPINDA

Kwa wofunsa: anthu ambiri aliyense wovala zoyera amamutcha dokotala, musalimbane nazo kuti uyu ndi namwino uyu ndi ndani. Ngati anaonana ndi anthu angapo, muuzeni aganize za amene anamufotokozera vuto lake.

Funso 5. Amene anakuonani lero anakupatsani moni?
1 Eya. 2 Ayi. 3 Sindikukumbuka.

Funso 6. Munanena zonse zomwe mumafuna kunena?
1 Zonse. 2 Zina zokha. 3 Sindinapatsidwe mpata.

Kwa wofunsa: apa tulutsani khadi la makapu atatu lija, yodzaza, yatheka ndi yopanda kanthu. Lozani kapu iliyonse mukamatchula yankho lake, kenako chotsani chala chanu, aloze yekha. Chala chanu chikatsalira pa kapu imodzi adzaloza yomweyo.

Funso 7. Pamene mumayankhula za vuto lanu, odwala ena amatha kumva?
1 Eya amamva. 2 Ayi samamva. 3 Sindikudziwa.

Kwa wofunsa: samalani pochonga, pa funso ili eya ndiye yankho losonyeza vuto. Tayika choncho dala chifukwa munthu akazolowera kuti eya eya amangopitiriza, ndiye limeneli limamuimitsa kaye. Koma osalisintha kukhala "sanamve, eti?", funso lokhala ndi sa- mkati limasokoneza, munthu akati eya sudziwa ngati akuti anamva kapena sanamve.

Funso 8. Ngati anakuyezani m'thupi, chitseko kapena katani inali yotseka?
1 Eya. 2 Ayi. 8 Sanandiyeze m'thupi.

Funso 9. Anakuuzani chomwe akuganiza kuti chikukuvutani?
1 Anandiuza ndipo ndamva. 2 Anandiuza koma sindinamvetse. 3 Sanandiuze.

Kwa wofunsa: khadi la makapu apa musagwiritse. Ndipo munthu akayamba kukufotokozerani matendawo muduleni mwaulemu, nenani kuti zimenezo ndi za inu ndi adokotala, ine ndikungofuna kudziwa ngati anakuuzani. Musalembe dzina la matenda pena paliponse pa fomuyi.

MANKHWALA

Funso 10. Mankhwala omwe anakulemberani lero, mwalandira?
1 Onse. 2 Ena okha. 3 Sindinalandire olo amodzi. 8 Sanandilembere mankhwala.

Kwa wofunsa: makapu abwerenso. Akayankha 3 kapena 8 dumphani funso 11.

Funso 11. Wopereka mankhwala anakuuzani ndi pakamwa kamwedwe kake?
1 Anandiuza ndipo ndamva. 2 Anandiuza koma sindinamvetse. 3 Anangolemba pa kapepala osandiuza.

Kwa wofunsa: ili ndi funso lomwe ine ndikulidikira kwambiri. Kulemba 2x3 pa kathumba ka mapilitsi kwa munthu wosawerenga si kufotokoza, ndipo amene amachita kulandira mankhwala mitundu itatu pakamodzi akafika kunyumba onse amangooneka oyera. Munthu akayankha 2 kapena 3 malizani kaye fomu, kenako mufunseni ngati akufuna kubwerera pa windo kuti akamufotokozere bwino, ndipo akavomera mumuperekeze. Inuyo musayese kufotokoza kamwedwe ka mankhwala olo mukuona ngati mukudziwa, si ntchito yanu.

ULEMU NDI ZINA

Funso 12. Lero alipo wogwira ntchito pano amene anakukalipirani kapena kukunyozani?
1 Eya. 2 Ayi.

Akati eya: zinachitikira pati?
1 Pa geti. 2 Polembetsa. 3 M'chipinda cha dokotala. 4 Ku labu. 5 Pa windo la mankhwala. 6 Pena.

Kwa wofunsa: tikufuna malo, osati dzina la munthu. Akatchula dzina musalembe. Ngati nkhani yake ndi yaikulu, monga kumenyedwa, kugwiridwa mosayenera kapena kuuzidwa kuti apereke kangachepe, muuzeni kuti pali wapampando wa komiti amene amamva madandaulo payekha Lachitatu lililonse m'mawa mu kaofesi ka pafupi ndi geti, ndipo akafuna mukhoza kumuonetsa chitseko chake. Osamukakamiza.

Funso 13. Mukaganizira zonse za lero, akuthandizani bwanji pa kiliniki ino?
1 Bwino. 2 Pakatikati. 3 Sanandithandize bwino.

Kwa wofunsa: pano pokha ndi pomwe mutulutse khadi la nkhope zitatu, yomwetulira, ya pakati ndi yokhumudwa. Nenani mawu awa musanaonetse: nkhopezi sizikunena za momwe mukumvera m'thupi, zikunena za momwe akuthandizirani. Mukapanda kutero munthu amene dzino likumuwawa aloza yokhumudwa olo anamulandira bwino, ndipo wina aloza yomwetulira poti ndi yokongola. N'chifukwa chake nkhope sitinaziyike pa mafunso onse, komanso tasiya zitatu osati zisanu, kusiyana kwa kumwetulira pang'ono ndi kumwetulira kwambiri pa kachithunzi agogo a maso ofooka sangakuone.

Funso 14. Pakanakhala chinthu chimodzi choti chisinthe pa kiliniki ino, inu mukanasankha chiyani?

Kwa wofunsa: apa palibe mayankho owerenga. Khalani chete, mudikireni, anthu ambiri amayamba ndi "palibe" kenako pakapita kanthawi ndi pomwe amanena zenizeni. Lembani kuseri kwa pepala m'mawu ake momwe wanenera, osakonza kuti zimveke zaulemu, osamasulira m'Chingerezi.

Kenako chongani nokha: 1 Mayi. 2 Bambo. Zaka funsani mongoyerekeza, 1 za pakati pa 18 ndi 29, 2 za pakati pa 30 ndi 49, 3 zaka 50 kupita m'mwamba. Funso loti sukulu munalekeza pati talichotsa, linalibe chomwe tikanachita nalo kupatula kuchititsa anthu manyazi.

MAWU OMALIZA, WERENGANI

Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu. Zomwe mwanena tiphatikiza ndi za anthu ena, ndipo pakutha pa mwezi zotsatira zake zidzanenedwa ndi pakamwa m'mawa pamalo odikirira, kuti aliyense adzamve. Muyende bwino, mupeze bwino msanga.

Kwa wofunsa: munthu asanachoke yang'anani ngati simunadumphe funso. Pamwamba pa fomu lembani tsiku ndi nambala yanu ya ofunsa, komanso ngati munali m'mawa kapena masana, chifukwa odwala a masana amakumana ndi antchito otopa ndipo tikufuna tione ngati mayankho akusiyana. Amene mukugwiritsa foni mafunso ndi omwewa mu pulogalamu ya KoboCollect, koma makadi a makapu ndi nkhope tengani apepala omwe aja, pa sikirini timaoneka tating'ono kwambiri padzuwa. Mafomu apepala muziyika mu envulopu, kumata, n'kupereka kwa mlembi wa komiti pofika 4 koloko, osawasiya pa tebulo la anamwino. Sabata yoyamba funso lililonse lomwe mwachita kubwereza kawiri kuti munthu amve muziliyika kanyenyezi pambali, Lachisanu tikakumana tidzakonze mawu ake.