Kalata ya Mafuno Abwino kwa Apongozi Anga pa Tsiku Lawo Lobadwa

Nchalo,
14 Okutobala 2025

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi bambo ndi onse a pakhomo kumeneko ku Ngabu. Ife kuno tili bwino, ngakhale kuti dzuwa la mwezi uno lafika poti usiku tikuyala mphasa pakhonde, chifukwa m'nyumba ya malata simukugoneka.

Ndalemba kalatayi kuti ndikufunireni zabwino pa tsiku lanu lobadwa, Loweruka likubwerali pa 18 Okutobala, pamene mukukwanitsa zaka 62. Tsikuli anandiuza ndi mwana wanu, ndipo anandichenjeza kuti inu simunazolowere kuchitiridwa phwando pa zoterezi, kotero kuti chaka chatha linadutsa muli kudimba mukukumba mbatata. Ndamvera chenjezolo, ndipo sindikukonza chilichonse chaphokoso. Komabe aka n'koyamba kuti tsikuli lindipeze ndili mpongozi wanu, ndiye mtima wanga sunalole kuti lingodutsa ndili chete. Mulungu amene wakusungani zaka zonsezi apitirize kukupatsani moyo ndi mphamvu, ndipo bondo limene limakuvutitsani lija likupatseniko mpumulo mvula isanayambe.

Pali chinthu chimodzi chimene ndakhala ndikufuna kukuthokozerani, koma pamaso panu manyazi amandigwira. Mukukumbukira mlungu umene ndinakhala kwanuko titangomanga ukwati mu Julayi? Tsiku lachiwiri munandipatsa ufa wa mapira kuti ndiphikire alendo nsima. Ine wokulira ku Ntcheu ndinali ndisanaugwirepo ufa umenewo, ndipo ndinathira monga ndimathirira ufa woyera, mpaka mthiko unakana kuyenda, nsima n'kuchita mibulu. Ndinaima pamafuwa thukuta lili kamukamu, ndikumva alendo akucheza pansi pa mtengo wa masau, misozi ili pafupi. Inu munalowa m'khitchini osanena kanthu, munatereka mphika wina, ndipo munagwira dzanja langa pamthiko kuti ndimve ndekha polekezera ufa. Titapereka chakudya, azakhali atafunsa amene waphika, munayankha kuti, "Waphika ndi mwana wangayu." Nkhaniyi simunaiululepo kwa wina aliyense, ngakhale kwa mwana wanu, amene waimva kwa ine mwezi wathawu. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kudziona ngati mlendo pakhomo panu.

Nsima ija tsopano ndimaiphika kawirikawiri, makamaka ndikapeza milamba youma pamsika, ndipo mwana wanu akuti yatsala pang'ono kufanana ndi yanu. Madzi akumwa nawonso timasunga mumtsuko umene munatipatsa uja. Ndinauika pamchenga wonyowa kuseri kwa chitseko monga munandilangizira, ndipo ngakhale masana dzuwa litaswa mtengo, madziwo amakhala ozizira.

Alamu anga amene akubweretserani kalatayi atenganso kaphukusi kakang'ono. Muli chitenje chimodzi, shuga mapaketi awiri ndi masamba a tiyi. Chitenjecho ndasankha chobiriwira chifukwa ndinaona kuti mpango umene mumakonda kumanga popita kukachezera odwala ndi wa mtundu womwewo. Ngati maluwa ake sanakusangalatseni, musaope kundiuza, pakuti ndikadali kuphunzira zimene mumakonda, ndipo ndi bwino ndimve kwa inu nokha kusiyana n'kumangoganizira.

Loweruka lenilenilo sititha kufika chifukwa mwana wanu adzakhala ali pantchito kuminda ya nzimbe mpaka madzulo. Tikuganiza zobwera Lamulungu m'mawa, dzuwa lisanakwere, kuti tidzapemphere nanu limodzi kenako tidzaswere pakhomo. Ngati tsiku limenelo muli ndi zina, mutiuze kudzera mwa alamuwo ndipo tidzasankha lina. Pempho langa ndi limodzi lokha: mudzandilole kuti kukhitchini ndidzalowe ine, inu mudzakhale pamphasa n'kumacheza ndi adzukulu anu. Pambuyo pake, ngati simudzatopa, ndidzakondwa kumva nkhani imene munaiyamba tsiku lija tikusenda nyemba, ya mmene munkawolokera Shire pabwato ndi mayi anu muli mtsikana, popeza alendo anatidula tisanafike kumapeto.

Mundiperekere moni kwa bambo, kwa azakhali ndi kwa ana onse. Mayi anga ku Ntcheu ndinalankhula nawo dzulo pafoni, ndipo nawonso akuti ndikufunireni tsiku labwino. Mawu a Chisena amene munandiphunzitsa aja sindinawaiwale, ndipo lero ndi pamene ndapeza powagwiritsa ntchito: takhuta, Amayi.

Ndine mpongozi wanu,
Chisomo