Dziko ndi boma si chinthu chimodzi: phunziro lachisanu la malamulo a pakati pa mayiko

Ophunzira a kalasi yamadzulo, ambiri mwa inu simunabwere Lachiwiri chifukwa cha mvula, choncho ndalemba zomwe tinakambirana. Muwerenge tisanakumane Lachinayi.

Chisokonezo chimayambira m'chinenero chathu chomwe. Mawu akuti boma timawagwiritsa ntchito paliponse: boma la Malawi, boma la Dedza, galimoto ya boma, ndikupita ku boma. M'phunziro lino tigwirizane kuti dziko ndi chinthu chokhalitsa chija chomwe chili ndi malo ndi anthu ake, chimasainirana mapangano ndi anzake, chimakongola ndalama ndiponso chikhoza kuimbidwa mlandu. Boma ndi anthu amene akuyendetsa dzikolo pa nthawiyo. Mu 1994 a Kamuzu Banda atasiyira mpando a Bakili Muluzi, boma linasintha, koma Malawi anali yemwe uja wa pa 6 Julaye 1964, ndi ngongole zake zomwe.

Zoyenereza kuti malo atchedwe dziko zinalembedwa m'pangano la ku Montevideo, lomwe mayiko a ku America anasainirana pa 26 Disembala 1933. Ndime yoyamba imatchula zinayi: anthu okhazikika, malo odziwika, boma, ndi mphamvu yochita ubale ndi mayiko ena.

Ziwiri zoyambazo sizivuta. Palibe chiwerengero cha anthu kapena kukula kwa malo komwe kanakhazikitsidwa. Nauru ndi kachilumba ka masikweya kilomita 21 okha, komatu ku UN voti yake ndi imodzi ngati ya India. Malire sachita kufunika kukhala opanda mkangano. Ife ndi Tanzania takhala tikukokanakokana za kumpoto kwa nyanja kwa zaka zambiri, koma palibe amene ananenapo kuti Malawi kapena Tanzania si dziko chifukwa cha zimenezo.

Pa boma mpofunika kuchenjera. Dziko latsopano limayembekezeka kukhala ndi ulamuliro womwe ukugwiradi ntchito. Koma likangobadwa, silifa chifukwa boma lagwa. Siad Barre atathawa mu Januwale 1991, Somalia inakhala zaka zambiri yopanda boma lolamulira dziko lonse, koma mpando wake ku UN sunachotsedwe. Choyenereza chachinayi, kunena mwachidule, ndi kudziimira pawokha: kusalandira malamulo kuchokera ku likulu la dziko lina.

Tsopano funso lomwe akatswiri akhala akutsutsana: kodi dziko limakhalapo likangokwaniritsa zinayizi, kapena mpaka ena alivomereze? Gulu lina limati kuvomereza kumangochitira umboni chomwe chilipo kale, ndipo ndime yachitatu ya Montevideo ili kumbali yawo. Gulu linalo limati popanda kuvomerezedwa palibe dziko. Ine ndimatsamira ku gulu loyamba, chifukwa lachiwirilo lingachititse kuti malo omwewo akhale dziko kwa Zambia koma osakhala dziko kwa Mozambique. Komabe musapite nazo patali. Somaliland inadzipatula ku Somalia pa 18 Meyi 1991. Ili ndi likulu ku Hargeisa, ndalama zake, asilikali ake, ndipo imachita zisankho. Kwa zaka zoposa 30 panalibe dziko ngakhale limodzi lomwe linaivomereza. Papepala zinayi zija zinalipo, koma pakhomo la UN kapena la AU sinalowe.

Chitsanzo chapafupi ndi Rhodesia, yomwe lero ndi Zimbabwe, ndipo agogo anu amene anakagwira ntchito ku Salisbury akhoza kukusimbirani. Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith analengeza ufulu popanda chilolezo cha Britain. Anthu analipo, malo analipo, boma linali lamphamvu kuposa maboma ambiri a nthawiyo. Koma nthambi ya chitetezo ya UN inapempha mayiko onse kuti asavomereze, ndipo palibe lomwe linavomereza, ngakhale South Africa ndi Portugal omwe ankamuthandiza. Chifukwa chake chinali chakuti ufuluwo unalengezedwa pofuna kuti azungu ochepa apitirize kupondereza anthu akuda ochuluka. Transkei, dera lomwe boma la tsankho la South Africa linapatulira anthu akuda, mu 1976 inakumana nazo zomwezo: inavomerezedwa ndi South Africa yokha, yomwe inaipanga. Ndiye pamayeso musangotchula zinayi za Montevideo n'kusiyira pomwepo. Mufunsenso kuti dzikolo linabadwa bwanji. Mukumbukirenso Biafra, dera lomwe linadzipatula ku Nigeria, yomwe Tanzania ndi Zambia anaivomereza mu 1968, koma pofika Januwale 1970 inali itagonja kwa Nigeria. Kuvomerezedwa pakokha sikusunga dziko.

Kuvomereza boma ndi nkhani ina. Apa palibe akukayika kuti dzikolo lilipo. Funso ndi lakuti ndani alilankhulire, ndani atumize akazembe, ndani agwire ndalama zake zomwe zili m'mabanki akunja. Boma likasintha motsatira malamulo, funsoli silidzuka n'komwe. Limadzuka asilikali akalanda ulamuliro, pakakhala nkhondo yapachiweniweni, kapena anthu awiri akamati aliyense ndiye mtsogoleri. Pakati pa 1996 ndi 2001 boma la Taliban linavomerezedwa ndi mayiko atatu okha: Pakistan, Saudi Arabia ndi United Arab Emirates. Ena onsewo sanasiye kuvomereza dziko la Afghanistan. Ankangokana olilamulira.

Muyeso wakale unali wophweka: amene wagwiradi ulamuliro ndiye boma. Mlandu wa Tinoco wa 1923 ndi womwe timaphunzirira zimenezi. Federico Tinoco analanda boma ku Costa Rica mu 1917 n'kugwa mu 1919. Olowa m'malo mwake anakana zomwe iye anapangana ndi makampani a ku Britain, ndipo ankati Britain yemweyo sanamuvomereze Tinoco. Woweruza William Howard Taft anati kusavomerezako sikusintha mfundo yoti Tinoco ankalamuliradi dzikolo. Chodabwitsa n'chakuti Britain inaluzabe mlanduwo, pa zifukwa zina zokhudza mapanganowo.

Mayiko ena anaona kuti kulengeza kuti tavomereza boma lakutilakuti kumamveka ngati kulidalitsa. Mexico inasiya mu 1930, potsatira nduna yake Genaro Estrada, ndipo Britain inasiya mu 1980. Amangopitiriza kapena kuchepetsa ubale, ena n'kumadziwerengera okha. Kuno ku Africa tinalowera kwina. Ndime 30 ya pangano lokhazikitsa AU imati boma lolowa mosatsata malamulo lisaloledwe kutenga nawo mbali m'zochitika za bungweli. Ku Gambia, mtsogoleri Yahya Jammeh atakana kuchoka pampando, Adama Barrow, yemwe anamugonjetsa pachisankho, analumbirira ku ofesi ya kazembe wa dziko lake ku Dakar pa 19 Januwale 2017, ndipo mayiko anamutenga ngati mtsogoleri asanaponde n'komwe mu Banjul.

Nkhani ya China ndi yomwe imakugwetsani chaka chilichonse. Pa 25 Okutobala 1971, chigamulo 2758 cha UN sichinalowetse dziko latsopano. China inali membala kuyambira 1945. Chomwe chinasintha ndi wokhala pampandowo: nthumwi za ku Beijing m'malo mwa za ku Taipei, likulu la Taiwan. Malawi anakhala paubale ndi Taipei kuyambira 1966, ndipo mu Januwale 2008, nthawi ya a Bingu wa Mutharika, boma linalengeza kuti latembenukira ku Beijing.

Ntchito yanu ndi iyi, masamba awiri olemba pamanja: fananizani zomwe Malawi anachita mu 2008 ndi kuvomerezedwa kwa South Sudan pa 9 Julaye 2011. Munene kuti chomwe chinavomerezedwa pa nkhani iliyonse chinali dziko kapena boma, ndipo mupereke zifukwa. Ndilandira Lachinayi kalasi isanayambe, osati itatha.