Pempho loti muonenso malikisi anga pa funso 3

Olemekezeka Aphunzitsi,

Ndine wophunzira wanu wa chaka choyamba, gulu B, pa phunziro la maseketi a magetsi. Ndikupempha kuti muonenso funso 3 la mayeso apakati pa semesita amene munatibwezera Lachiwiri. Munandipatsa malikisi 3 pa 10, ndipo pambali pa kalenti I2 munalemba kuti chizindikiro ndi cholakwika. Nditayerekeza ntchito yanga ndi mayankho amene munamata pakhomo pa labu, ndaona kuti tasiyana poloza muvi basi.

Funso lija linali ndi batire ya 12 V ndi rezisita ya 2 Ω kumanzere, batire ya 6 V ndi rezisita ina ya 2 Ω kumanja, ndi rezisita ya 8 Ω pakati. Pa chojambula chafunsolo panalibe mivi, ndiye ndinajambula yanga. Ndinatenga I1 ndi I2 ngati akutuluka ku pozitivi ya batire iliyonse kupita pamene nthambi zitatuzo zakumana, ndipo I3 ngati ikuchoka pamenepo kudutsa mu rezisita ya 8 Ω. Potsata malamulo a Kirchhoff ndinalemba:

```
I1 + I2 = I3
12 = 2*I1 + 8*I3
6 = 2*I2 + 8*I3
```

Ndinapeza I1 = 2 A, I2 = -1 A ndi I3 = 1 A. Inu muvi wa I2 munaulozetsa kulowa mu batire ya 6 V, n'chifukwa chake munapeza +1 A. Mainasi yangayo ikunena zomwezo: kalenti ya 1 A ikuyenda mosemphana ndi muvi wanga, ikulowa ku pozitivi, kutanthauza kuti batire yaing'onoyo ikutchajidwa. Mawu amenewa ndinawalemba m'munsi mwa tsamba 4, koma mwina sanaoneke bwino chifukwa malo anandithera.

Gawo (b) nalonso likugwirizana ndi lanu. Batire ya 12 V ikupereka 24 W. Marezisita akudya 8 W, 2 W ndi 8 W, batire ya 6 V ikulandira 6 W, zonse pamodzi 24 W. Komatu gawoli silinachongedwe n'komwe, munangodutsapo mzere.

Ndikudziwa kuti mapepala anali ambiri, ndipo pochonga munthu amayamba kuyang'ana yankho lomaliza. Chandilimbitsa mtima kulemba ndi zimene munatiuza m'kalasi, zoti muvi tingauloze kulikonse bola tisausinthe pakati pa samu. Ine sindinausinthe. Ngati pali njira imodzi imene mukufuna kuti tonse tizitsata pa mayeso omaliza, chonde mutiuze, ndiitsata.

Pepala langa ndaliphatikiza ku kalatayi, nambala yanga ili pamwamba pake. Ndingathe kubwera ku ofesi kwanu Lachinayi masana tikatuluka mu labu, kapena nthawi ina imene mungandiuze.

Zikomo kwambiri.

Ine wophunzira wanu,
wa chaka choyamba, gulu B